Kuyatsa pampu ya thanki ndi mawu: kabolodi ka NodeMCU ndi sipika ya Echo

Nyumba zambiri za ku Chalala, Libala South ndi Makeni mu Lusaka zili ndi mathanki awiri: ina pansi yolandira madzi, ina pamwamba pa chitsulo. Pakati pake pamakhala pampu, ndipo swichi yake nthawi zambiri imakhala kuseri kwa nyumba, kumene munthu safuna kupitako usiku kapena mvula ikugwa. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuti akangonena mawu ali m'chipinda chochezera, pampuyo iyake, ndipo izime yokha nthawi ikakwana. Ndasankha pampu osati babu chifukwa babu amakhululuka zolakwa zonse, pomwe pampu ikaiwalika imasefukiritsa thanki kapena kupsa. Mukakwanitsa pampu, nyale ya panja simudzavutika nayo.

Njira imene mawu anu amadutsa

Yambani mwamvetsa izi, chifukwa tsiku limene zinthu zidzakane, mudzafunika kudziwa pofufuza. Sipika ya Echo pa yokha imangodikira dzina lakuti Alexa. Ikalimva, imajambula mawu otsatirawo n'kuwatumiza pa intaneti ku makompyuta a Amazon, ndipo kumeneko n'kumene amamasuliridwa. Lamulo likabwerera, sipikayo imalipereka ku kabolodi kanu kudzera pa waifai ya m'nyumba momwemo. Choncho pali misewu iwiri: wautali wofuna bandulo, ndi waufupi wa pakati pa sipika, rauta ndi kabolodi. Bandulo ikatha, mawu sagwira ngakhale zonse za m'nyumba zili bwino.

Nanga sipika ingamvere bwanji kabolodi kamene mwapanga nokha? Timachita kuipusitsa. Echo inapangidwa kuti izitha kupeza mababu a Philips Hue pa netiweki ya m'nyumba. Laibulale yotchedwa Espalexa imachititsa kabolodi kuyankha ngati mmene zida za Hue zimayankhira, ndiye sipika imaganiza kuti yapeza babu. Ubwino wake ndi wakuti simulembetsa akaunti ina iliyonse, simulipira kanthu, ndipo kabolodi sikadalira kampani yachitatu. Kuipa kwake ndi kwakuti kwa Echo, pampu yanu ndi nyale, ndipo zimenezi zili ndi msampha umene tiufike kutsogoloku. Njirayi ndi ya Echo yokha. Sipika za Google sizifufuza zida mwa njira imeneyi. Kwa izo mufunika kudutsira ku ntchito ya pa intaneti monga Sinric Pro, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Zofunika kugula

Mufunika kabolodi ka NodeMCU, kakompyuta kakang'ono kokhala ndi kachipangizo ka waifai ka ESP8266, rileyi ya 5 V yomwe ili kale pa kabolodi kake, imene ndi swichi yolamulidwa ndi magetsi ochepa, chaja ya foni ya 5 V yotulutsa 1 A kapena kuposa, chingwe cha USB, kontakita yokhala ndi koyilo ya 230 V, imene ndi rileyi yaikulu yonyamula magetsi ambiri, fyuzi ya 1 A ndi chosungiramo chake, swichi yoyandama ya mu thanki, swichi wamba ya pakhoma, ndi bokosi la pulasitiki lotseka bwino. Kontakita, fyuzi ndi swichi yoyandama zimapezeka m'mashopu a zamagetsi ku Kamwala ndi m'tauni. Bokosi likhale la pulasitiki ndithu: la chitsulo limatsekereza waifai.

Pa chingwe cha USB samalani. Zingwe zambiri zotchipa za mumsika n'zotchajira chabe, mulibe mawaya otumizira uthenga. Mukalumikiza kabolodi n'kuona kanyale kayaka koma kompyuta osaonetsa chilichonse, sinthani chingwe musanayambe kukayikira kabolodi.

Ena amafunsa chifukwa chake tikuwonjezera kontakita pamene pa rileyi ya buluu ija palembedwa 10 A ndi 250 V. Chiwerengero chimenecho ndi cha zinthu zongotentha monga babu. Pampu ya 0.75 kW imakoka pafupifupi 5 A ikamayenda, koma poyamba kuzungulira mota imakoka kangapo kuposa pamenepo, ndipo pozima imathethetsa moto pakati pa timano ta rileyi. Pakapita nthawi timanoto timasungunuka n'kumatirirana. Rileyi yotero imalirabe kuti "tcha" mukailamula, kanyale kake kamazima, koma pampu imangoyendabe. Ndiye ntchito tiigawe: rileyi iziyatsa koyilo ya kontakita, imene imadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo kontakita ndiyo inyamule pampu.

Gawo loyamba: konzani kompyuta

Ikani Arduino IDE. Mu `Preferences`, pa malo olembedwa `Additional boards manager URLs`, lembani adiresi iyi:

```
https://arduino.esp8266.com/stable/package_esp8266com_index.json
```

Kenako tsegulani `Boards Manager`, fufuzani `esp8266` n'kuika. Mu `Library Manager` fufuzani `Espalexa` n'kuikanso. Sankhani bolodi ya `NodeMCU 1.0 (ESP-12E Module)`. Ngati kompyuta sikuonetsa potulukira pa kabolodi ngakhale chingwe chili chabwino, yang'anani kachipangizo kakuda pafupi ndi polowetsa USB: pakhala polembedwa CH340 kapena CP2102, ndipo muike dalaivala wa dzina limenelo.

Gawo lachiwiri: lumikizani rileyi, opanda magetsi a pakhoma

Zonse za gawo lino muchitire patebulo, ndi chingwe cha USB chokha. Waya mmodzi achoke pa `VIN` ya NodeMCU, kapena pa `VU` ngati kabolodi kanu kali nayo, kupita pa `VCC` ya rileyi. Wachiwiri achoke pa `GND` kupita pa `GND`. Wachitatu achoke pa `D1` kupita pa `IN`.

Pini ya `D1` sindinaisankhe mwachisawawa. ESP8266 ikamadzuka imayang'ana mapini `D3`, `D4` ndi `D8` kuti idziwe ngati iyambe pulogalamu kapena idikire kulembedwa yatsopano. Mukaikapo rileyi, nthawi zina kabolodi sikadzuka n'komwe, ndipo pa `D4` rileyi imatha kugwira pang'ono nthawi iliyonse magetsi akabwera. Ku Lusaka, kumene chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba n'kutizoloweza magetsi ongobwera ndi kupita, simungalole pampu izigwedezeka pa kubwera kulikonse kwa malaiti. `D1` ndi `D2` zimakhala phee podzuka.

Marileyi ambiri amagwira pini ikatsitsidwa, osati ikakwezedwa: `LOW` ndiko kuyatsa, `HIGH` ndiko kuzimitsa. Yesani yanu musanalembe chilichonse. Chotsani waya wa `IN` pa `D1` n'kumukhudzitsa pa `GND`. Ikalira, ndi ya mtundu umenewu. Kenako mukhudzitseni pa `3V3`. Iyenera kukhala chete. Ikagwiranso pamenepo, ndiye kuti 3.3 V ya NodeMCU siikwanira kuizimitsa. Ngati rileyiyo ili ndi kachipewa kolumikiza `JD-VCC` ndi `VCC`, kachotseni, ikani 5 V pa `JD-VCC` ndi 3.3 V pa `VCC`. Ngati ilibe, kagulani yolembedwa kuti imagwira ndi 3.3 V, musataye tsiku.

Gawo lachitatu: yezani nthawi yodzazira thanki

Pulogalamu yathu izizimitsa pampu yokha, ndiye tifunika nambala yeniyeni osati yongoganizira. Tengani ndowa ya malita 20, kwerani pa thanki ya pamwamba, ndipo muone kuti paipi yolowa imaidzaza m'masekondi angati. Yezerani pamwambapo, chifukwa pampu imatulutsa madzi ochepa ikamakankhira m'mwamba kusiyana ndi zimene zalembedwa pa katoni yake. Tinene kuti ndowa yadzaza m'masekondi 30. Amenewo ndi malita 40 pa mphindi imodzi, ndipo thanki ya malita 2,000 yopanda kanthu idzadza m'mphindi 50. Malire tiike mphindi 45. Ngati thanki ya pansi ndi yaing'ono, mwachitsanzo ya malita 1,000, malire atsike kufika pa mphindi 20, chifukwa madzi apansiwo atha m'mphindi 25 ndipo pampu yoyenda youma imaononga zotsekera madzi zake msanga.

Gawo lachinayi: pulogalamu

Gawo la pamwamba ndi ili. Ikani dzina ndi mawu achinsinsi a waifai yanu.

```cpp
#include <ESP8266WiFi.h>
#include <Espalexa.h>

Espalexa espalexa;
EspalexaDevice* chida;
const unsigned long MALIRE = 45UL * 60 * 1000;
unsigned long poyambira = 0, waifai = 0;
bool yayaka = false;

void pampu(uint8_t mulingo) {
  if (mulingo > 0 && !yayaka) poyambira = millis();
  yayaka = mulingo > 0;
  digitalWrite(D1, yayaka ? LOW : HIGH);
}
```

Popeza Echo ikuganiza kuti ikulankhula ndi babu, imatumiza mulingo wa kuwala, kuyambira 0 mpaka 255. Ife tikutenga 0 ngati kuzimitsa ndipo china chilichonse ngati kuyatsa. Onetsetsani mzere woyamba wa mkatimo: nthawi imayamba kuwerengedwa pokhapokha pampu inali yozima. Popanda `!yayaka`, mwana akabwereza lamulo patatha mphindi 40, wotchi imayambiranso pa ziro ndipo pampu iyenda mphindi 85.

```cpp
void setup() {
  digitalWrite(D1, HIGH);
  pinMode(D1, OUTPUT);
  Serial.begin(115200);
  WiFi.mode(WIFI_STA);
  WiFi.begin("DZINA", "CHINSINSI");
  while (WiFi.status() != WL_CONNECTED) delay(500);
  Serial.println(WiFi.localIP());
  Serial.println(WiFi.RSSI());
  chida = new EspalexaDevice("Tank pump", pampu);
  espalexa.addDevice(chida);
  espalexa.begin();
  waifai = millis();
}
```

Mizere iwiri yoyamba musaisinthanitse. Tikuyamba tauza pini kuti ikhale `HIGH`, kenako n'kuitsegula, kuti rileyi isagwire ngakhale kamphindi. Mzere wa `while` ukudikira waifai mopanda malire, ndipo ndi dala. Magetsi akabwerera, NodeMCU imadzuka nthawi yomweyo pamene rauta imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Zitsanzo zambiri za pa intaneti zimayesa kwa masekondi ochepa n'kugonja, ndiye kabolodi kamakhala kogontha mpaka wina akakazule pa soketi.

```cpp
void loop() {
  espalexa.loop();
  if (yayaka && millis() - poyambira > MALIRE) {
    pampu(0);
    chida->setValue(0);
  }
  if (WiFi.status() == WL_CONNECTED) waifai = millis();
  else if (millis() - waifai > 60000) ESP.restart();
  delay(1);
}
```

`setValue(0)` ndiyo imachititsa kuti pulogalamu ya Alexa ya pa foni ionetse zoona pampu ikazima yokha. Mizere ya waifai ikuti kulumikizana kukasowa kwa mphindi yathunthu, kabolodi kayambirenso. Kuyambiranso kumazimitsa pampu, ndipo ine ndimaona kuti n'koyenera: pampu imene simungathe kuilamula ndi bwino ikhale yozima. Mu `loop` musaikemo `delay` yaitali, chifukwa nthawi imene kabolodi kagona ndi imene sipika ikugogoda osayankhidwa.

Kwezani pulogalamuyo, tsegulani `Serial Monitor` pa 115200, ndipo dinani batani la `RST`. Muona adiresi yonga `192.168.8.105` ndi nambala yokhala ndi chochotsera yosonyeza mphamvu ya waifai. Ngati sipakuoneka kanthu, kabolodi kakadali mu `while`: mwina mawu achinsinsi alakwika, mwina mwapereka dzina la waifai ya 5 GHz. ESP8266 imamva ya 2.4 GHz yokha.

Musanapite kwa sipika, tengani foni yomwe ili pa waifai yomweyo, ndipo m'malo olembamo adiresi ya tsamba lembani adiresi ya kabolodi motere:

```
http://192.168.8.105/espalexa
```

Patuluka katsamba ka mawu ochepa kosonyeza chida chanu ndi mulingo wake. Katsamba kameneka ndi kofunika kwambiri pofufuza vuto, chifukwa kamagawa nkhani pawiri. Kakatseguka, kabolodi kali bwino ndipo vuto lili kwa sipika kapena pa intaneti. Kakakana, musavutike kukuwira sipika.

Gawo lachisanu: sipika ipeze chida

Echo iyenera kukhala italumikizidwa kale pa rauta yomweyo. Nenani kuti:

```
Alexa, discover devices
```

Dikirani pafupifupi mphindi imodzi. Mu pulogalamu ya Alexa pa foni, pansi pa `Devices`, muyenera kuona `Tank pump` pakati pa nyale. Yesani:

```
Alexa, turn on tank pump
Alexa, turn off tank pump
```

Rileyi ilire patebulopo kawiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amakakamira, ndiye tiyeni tichedwepo. Pofufuza, sipika siidziwa adiresi ya kabolodi. Imaponya uthenga umodzi ku adiresi ya gulu, `239.255.255.250` pa khomo 1900, kuti chida chilichonse chomvera chiyankhe. Rauta ikapanda kufalitsa uthenga wa gulu umenewu, kabolodi sikamva funso, ngakhale katsamba kaja kakutseguka bwinobwino pa foni. Lowani mu rauta, kawirikawiri pa adiresi yolembedwa pansi pake, ndipo fufuzani `AP isolation` kapena `Client isolation`; zimitsani. Onetsetsani kuti palibe chida chimene chili pa waifai ya alendo, chifukwa imeneyo imapatula zida mwadala. Ngati muli ndi chowonjezera mphamvu ya waifai, yesani kaye zonse ziwiri zili pa rauta yeniyeniyo. Ndipo ngati rauta ili ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz, ikani Echo pa 2.4 GHz pa nthawi yofufuzayi, popeza marauta ena saolotsa uthenga wa gulu kuchoka mbali ina kupita ina.

Timarauta ta m'thumba tolowetsa simu, timene mabanja ambiri amadalira, tina tilibe n'komwe malo osinthira zimenezi. Kuti mutsimikize kuti vuto ndi limenelo, bwerekani rauta ina kwa mnzanu kwa ola limodzi. Zikatheka pa yobwerekayo, gulani rauta wamba yotchipa yotha kulandira intaneti kuchokera ku kam'thumbako, ndipo sipika ndi kabolodi zikhale pa yatsopanoyo. Palinso vuto lina la kam'thumba: wina akakatenga popita ku tauni, nyumba yonse yatsala yopanda netiweki.

Chida chikapezeka, bwererani mu rauta n'kumangirira adiresi ya kabolodi kuti isamasinthe. Malowo amatchedwa `DHCP reservation`, `Address reservation` kapena `Static lease`, kutengera rauta. Popanda zimenezi, magetsi akapita n'kubwera zida zimalandira maadiresi motsatira amene wayamba kufika, ndipo sipika imatha kumagogoda pa adiresi ya dzulo, pamene tsopano pali foni ya mlendo. Chizindikiro chake n'chakuti dzulo zimagwira, lero sipika ikuti chidacho sichikuyankha, koma kabolodi kali ndi moyo pa adiresi ina.

Dzina, katchulidwe, ndi msampha wa nyale

Alexa samva Chichewa, ndiye malamulo akhala a Chingerezi. Dzina likhale la mawu awiri osavuta, osafanana ndi dzina la chipinda kapena chida china. `Pump` lokha limasokonekera mosavuta ndi mawu a nyale, makamaka wailesi ikulira. Kuti mudziwe chimene sipika inamva, tsegulani `Activity` kenako `Voice History` mu pulogalamu ya pa foni: mawu onse alembedwa mmenemo monga anamvekera. Ngati a m'nyumba mwanu sakumveka kawirikawiri, sinthani chilankhulo cha sipika pakati pa Chingerezi cha ku United Kingdom, cha ku India ndi cha ku United States, muone chimene chikugwirizana ndi katchulidwe kanu. Muyese ndi amene adzaigwiritse ntchito kwambiri, kaya ndi amayi kaya ndi ana, osati inu nokha amene mwaloweza kale mmene imafunira.

Kwa agogo amene sangafune chiganizo chachitali, pangani lamulo lalifupi pansi pa `Routines`: mawu akhale `fill the tank`, chochita chikhale kuyatsa `Tank pump`. Mukasintha dzina mu pulogalamu ya kabolodi, fufutani chida chakale pa foni n'kufufuzanso, apo ayi mukhala ndi mayina awiri a chinthu chimodzi.

Msampha uja ndi uwu. Mukaika `Tank pump` m'gulu la chipinda chimene muli sipika, munthu akangoti nyale ziyake, pampu nayo iyaka, chifukwa kwa Echo ndi babu ngati ena onse. Chimodzimodzi wina akalamula kuti nyale zonse zizime pogona, pampu izima thanki isanadzaze. Musaiike m'gulu lililonse, ndipo yesani malamulo a nyale muli patebulo, mumve ngati rileyi ikulira.

Dziwaninso kuti njirayi ilibe loko. Aliyense amene ali pa waifai yanu angathe kulamula kabolodi, ndipo sipika imamvera aliyense, ngakhale wokuwa ali panja pa zenera. Pa pampu yokhala ndi malire a nthawi, choipa chimene chingachitike n'chochepa. Pa geti yamagetsi kapena loko wa chitseko, musayerekeze.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mbali ya 230 V

Ngati simunagwirepo ntchito ya magetsi a m'nyumba, gawo ili mupatse wamagetsi wodziwa ntchito, inu muzingomuuza chimene mukufuna. Zimitsani buleka ya pampu, ndipo yezani ndi mita kuti magetsi achokadi. M'nyumba za kuno mupeza mitundu iwiri ya mawaya: m'zakale wamoto ndi wofiira ndipo wobwerera ndi wakuda, pamene pa zingwe zatsopano wamoto ndi wa bulauni ndipo wobwerera ndi wa buluu. Musadalire mtundu wokha, yezani.

Pali njira ziwiri za magetsi. Yaikulu ndi ya pampu: wamoto ndi wobwerera ochokera ku buleka alowe pamwamba pa kontakita, atuluke pansi pake kupita ku pampu. Waya wa nthaka, wobiriwira ndi chikasu, apite ku pampu mwachindunji osadutsa pa swichi iliyonse. Yaing'ono ndi ya koyilo: kuchokera pa wamoto, dutsani pa fyuzi ya 1 A, lowani pa `COM` ya rileyi, tulukani pa `NO`, dutsani pa swichi yoyandama, mufike pa `A1` ya kontakita. `A2` ipite kwa wobwerera. Gwiritsani `NO`, imene imalumikizana ndi `COM` pokhapokha rileyi yagwira, osati `NC`, kuti kabolodi kakafa kapena chaja ikapsa, pampu ikhale yozima.

Swichi yoyandama ili m'njira ya koyilo pa chifukwa chimodzi: imadula pampu thanki ikadzaza, kaya pulogalamu ikufuna kaya ayi. Mphindi 45 zija zinawerengedwa pa thanki yopanda kanthu, koma masiku ambiri mudzayatsa ili ndi theka. Swichizi zimabwera ndi mawaya atatu, awiri a kudzaza ndi awiri a kukhuthula, mmodzi ali wa onse. Yezani ndi mita: mukufuna awiri amene amalumikizana choyandamacho chikalendewera pansi, n'kuduka chikakwera. Wotsalayo mumutseke bwino ndi tepi, chifukwa naye amakhala ndi magetsi.

Swichi wamba ija ilumikizeni pakati pa `COM` ndi `NO`, kuti izichita zomwe rileyi imachita. Ndiyo idzakupulumutsani tsiku limene bandulo yatha kapena rauta yafa. Popeza ili kumbuyo kwa swichi yoyandama, thanki siisefukira, koma malire a nthawi saigwira, ndiye woyatsa ndi dzanja azimitsenso ndi dzanja.

M'bokosi, mawaya a 230 V akhale mbali imodzi, a 5 V mbali ina, ndipo mlongoti wa NodeMCU, kamzere kokhotakhota kumapeto kwa kabolodi, ukhale kutali ndi kontakita. Mabowo olowetsera mawaya akhale pansi pa bokosi, kuti mvula ya mu Januwale isatsatire chingwe n'kulowa. Musanakhomere bokosi, pitani pamalopo ndi laputopu muone nambala ya mphamvu ya waifai ija. Pafupi ndi -60 ndi bwino. Ikafooka kupitirira -75, monga -80, malamulo aziduka. Makoma a buloko amadya waifai kwambiri, ndiye n'kwabwino kusiya kabolodi ndi rileyi m'nyumba pafupi ndi rauta, n'kukoka mawaya awiri a koyilo okha kupita kwa kontakita panja.

Kuyesa komaliza

Yesani kaye pampu isanalumikizidwe. Lamulani kuyatsa: rileyi ilire pang'ono, kontakita igunde mwamphamvu. Kwezani choyandama ndi dzanja, kontakita imasuke. Sinthani `45UL` kukhala `1UL` kwa kanthawi, muone ngati ikuzima yokha patatha mphindi imodzi, kenako bwezeretsani. Pomaliza yerekezani kuzima kwa magetsi: kontakita ili yogwira, zimitsani buleka yaikulu ya nyumba kuti rauta, sipika ndi kabolodi zonse zizime, n'kuyatsanso. Kontakita iyenera kukhala yomasuka, ndipo patatha mphindi ziwiri kapena zitatu lamulo la mawu ligwire popanda kukhudza chilichonse.

Vuto limodzi limaonekera pa gawo lino lokha. Mukalamula, kontakita imagunda n'kumasuka nthawi yomweyo, kapena mukazimitsa, kabolodi kamasowa kwa masekondi angapo. Ndiye kuti NodeMCU ikuyambiranso, ndipo zoyambitsa zake ndi ziwiri. Ngati zikuchitika ngakhale buleka ya pampu ndi yozima, kabolodi kakudya pa soketi ina, wolakwa ndi chaja: koyilo ya rileyi imakoka pafupifupi 70 mA, waifai nayo imakoka mwadzidzidzi potumiza, ndipo chaja yofooka imagwa. Sinthani chaja, fupikitsani chingwe, ndipo ikani kapasita ya 470 µF pakati pa `GND` ndi `VIN`, kapena `VU` ngati ndi pamene munalumikiza rileyi. Ngati zikuchitika pokhapokha kontakita ili ndi magetsi, makamaka pozimitsa, ndi koyilo ya kontakita imene ikubweza mphamvu m'mawaya. Ikani rezisita ya 100 Ω ndi kapasita ya 100 nF ya mtundu wa X2, zolumikizana motsatizana, pakati pa `A1` ndi `A2`, ndipo talikitsani mawaya a koyilo ndi waya wa `D1`. Kapasita wamba wosalembedwa X2 musamuike pa 230 V.

Zonsezi zikadutsa, zimitsani buleka, lumikizani pampu, ndipo ulendo woyamba muime pafupi ndi thanki mpaka muone choyandama chikudula chokha.